Ntchito imene munatuma ikabwera yolakwika, yochedwa kapena ikaima panjira

M'maofesi ndi m'makampani ang'onoang'ono a mu Blantyre, dandaulo limene limamveka mobwerezabwereza kuchokera kwa akuluakulu ndi lakuti achinyamata amene angolembedwa kumene ntchito sagwira bwino zimene atumidwa. Wamkulu amati anafotokoza zonse, wamng'ono amati anachita zimene anamva, ndipo pomaliza wamkuluyo amatenga ntchito ija n'kuigwira yekha usiku. Mwezi wotsatira zimachitikanso chimodzimodzi. Malangizo awa akonzedwa potsata mmene vutolo limaonekera, ndipo pansi pa chizindikiro chilichonse zifukwa zayikidwa kuyambira chimene chimapezeka kawirikawiri kufikira chimene chimapezeka mwa apo ndi apo. Mudzaona kuti vuto la wotumidwa mwini lili kumapeto pafupifupi paliponse, chifukwa zolakwika zambiri zimayambira pa mphindi zochepa zimene ntchitoyo inkaperekedwa.

Kuti nkhani isakhale ya m'malere, tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kampani yogulitsa katundu ku Limbe, imene galimoto yake yoperekera katundu ikufunika matayala anayi atsopano. Lamulo la pakampanipo ndi lakuti akauntanti sakonza malipiro ngati palibe makotesheni atatu ochokera kwa ogulitsa osiyanasiyana. Lolemba m'mawa manejala akukumana ndi kalaliki amene wagwira ntchito miyezi itatu yokha, ndipo akumuuza ali chiimire pakhomo kuti, "Achimwene, tatipezerani makotesheni a matayala a galimoto ija mwamsanga." Kalaliki akuyankha kuti, "Chabwino bwana." Mavuto onse amene ali m'munsimu angathe kubadwa kuchokera m'mawu ochepa amenewa.

## Ntchito yabwera, koma si imene munkafuna

Lachitatu kalaliki wabweretsa mapepala atatu. Loyamba ndi la matayala a saizi ina, lachiwiri lili ndi mtengo wophatikiza msonkho wa VAT pamene lachitatu lilibe, ndipo limodzi mwa mapepalawo lalembedwa m'dzina la kalalikiyo m'malo mwa dzina la kampani. Mapepalawo ndi atatudi, koma sangayerekezedwe, ndipo akauntanti awabweza.

Zifukwa zake:

1. Munanena chochita koma simunanene mmene ntchito yomalizika iyenera kuonekera.
2. Simunanene chifukwa chimene ntchitoyo ikufunikira ndiponso amene akaigwiritse ntchito.
3. Wotumidwayo sanamvetse, koma anaopa kufunsa.
4. Sanaonepo ntchito yoteroyo itagwiridwa bwino.
5. Anamvetsa zonse koma anachita mwachidule kuti athane nazo.

Chifukwa choyamba ndi chimene chiyenera kufufuzidwa mofatsa, pakuti wamkulu amene wagula matayala kwa zaka zambiri saonanso kuchuluka kwa zinthu zimene akuzidziwa mumtima koma sanazitchule. Iye akudziwa kuti saizi imawerengedwa pambali pa tayala, mwachitsanzo 195R15C, ndipo kuti chilembo C chikusonyeza tayala la galimoto yonyamula katundu, limene silifanana ndi la galimoto yaing'ono ngakhale lingalowe pa limu yomweyo. Akudziwanso kuti pambali pomwepo pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa, kotero kuti 2423 ndi sabata ya 24 ya chaka cha 2023, ndipo tayala lotsika mtengo nthawi zina limakhala lakuti lakhalitsa m'sitolo. Kalaliki wa miyezi itatu sangalote zimenezi. Kwa iye tayala ndi tayala.

Poyesa ngati vuto lagona pamenepa, tengani pepala mulembe ndendende mawu amene munanena, osawonjezera zimene munkaganiza. Kenako dzifunseni ngati munthu wochokera kunja, amene sakudziwa kampani yanu, angabweretse chinthu cholondola atawerenga mawu okhawo. Ngati yankho ndi lakuti ayi, cholakwa sichili kwa wotumidwa, ndipo kumukalipira kungomuphunzitsa kubisa zolakwa mtsogolo.

Pokonza, perekani ntchitoyo kachiwiri mutakhala pansi, ndipo muitsatize ndi uthenga wolemba, kaya pa imelo kaya pa WhatsApp. Uthenga wokwanira pa chitsanzo chathu ungamveke motere: "Tikufuna makotesheni atatu a matayala anayi atsopano a saizi 195R15C, olembedwa m'dzina la kampani, ochokera kwa ogulitsa atatu osiyana. Kotesheni iliyonse isonyeze mtundu wa tayala, mtengo wa limodzi, ngati VAT ilimo kapena ayi, nambala ya msonkho ya TPIN ya wogulitsa, ndiponso masiku amene mtengowo ukhale usanasinthe. Mufunsenso ngati kumanga matayalawo kuli mumtengo womwewo. Zonsezi muziike pa tsamba limodzi loyerekezera mitengo, chifukwa akauntanti akonza malipiro Lachisanu m'mawa." Mawuwa angaoneke ochuluka pa ntchito yaing'ono chonchi, koma kuwalemba kumatenga nthawi yochepa kuposa kutumanso munthu ku Ginnery Corner ndi ku Makata ulendo wachiwiri.

Chiganizo chomaliza cha uthengawo, chonena za akauntanti, ndi chimene chimathetsa chifukwa chachiwiri. Munthu akadziwa kuti mapepala akupita kwa amene amalipira, amazindikira yekha kuti dzina la kampani liyenera kukhalapo, ndipo akakumana ndi zimene simunaziyembekezere, monga wogulitsa amene ali ndi matayala atatu okha, amatha kuganiza choyenera kuchita.

Chifukwa chachitatu chimafuna kuchimvetsa mwa chikhalidwe chathu. Ambiri tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula timavomera, ndipo kufunsa mafunso ambiri kumaoneka ngati mwano kapena kusadziwa ntchito. Wachinyamata amene akadali pa nthawi yoyesedwa ntchito amaopa kwambiri kuoneka mbuli. Choncho mawu akuti "chabwino bwana" kawirikawiri amatanthauza kuti wamva kuti mwalankhula, ndipo sapereka umboni uliwonse wakuti wamvetsa. Funso lakuti "Mwamva?" silithandiza, chifukwa yankho lake ndi limodzi lokha. Chimene chimathandiza ndi kumupempha kuti afotokoze yekha: "Tandiuzani mmene muyambire ndi kumene mupite, kuti ndione ngati sindinaiwale kanthu." Mukaika nkhaniyo ngati kuti mukudziyesa nokha, munthu amamasuka, ndipo pamene sanamvetse pamaonekera m'mawu ake omwe. Makolo anati safunsa anadya phula, koma muofesi udindo wotsegula njira yofunsira uli ndi wamkulu.

Ngati vuto ndi lakuti sanaonepo ntchito yabwino, tulutsani fayilo ya zimene munagula ulendo wapita mumuonetse. Chifukwa chachisanu muchiganizire pokhapokha mwatsimikiza kuti malangizo anali omveka, olembedwa, ndipo iye anawabwereza molondola.

## Tsiku lafika, ntchito sinabwere

Zifukwa zake:

1. Panalibe tsiku lenileni, munangoti "mwamsanga" kapena "sabata ino."
2. Munthu yemweyo watumidwanso ndi akuluakulu ena.
3. Tsiku limene munapereka silinaganizire nthawi ya maulendo ndi ya anthu ena amene ntchitoyo ikudalira.
4. Anakakamira penapake ndipo sananene.
5. Sadziwa kugawa nthawi yake.

Mawu akuti "mwamsanga" ali ndi matanthauzo ambiri monga kuchuluka kwa anthu owamva. Kwa manejala amene akudziwa kuti galimoto inyamuka Lolemba kupita ku Lilongwe, akutanthauza mawa. Kwa kalaliki amene ali ndi mulu wa mainvoisi, akutanthauza akangomaliza zimene ali nazo. Tsiku loyenera limakhala ndi dzina, nthawi ndi malo: Lachinayi, 3 koloko masana, pa tebulo langa. Ndi bwinonso kunena chimene chichitike tsikulo likaphonyedwa, chifukwa munthu amasamala kwambiri tsiku limene akudziwa zotsatira zake.

Pali kusiyana pakati pa tsiku lomaliza lenileni ndi tsiku limene mumapatsa wotumidwa, ndipo akuluakulu ambiri amalakwa popereka loyambalo. Ngati akauntanti akufuna mapepala Lachisanu m'mawa, kalaliki awabweretse Lachinayi masana, kuti mukhale ndi mpata wowaona ndi kubweza chimene chalakwika. Izi zimaonekera bwino pa nkhani za msonkho. Fomu ya VAT imayenera kufika ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndipo msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito umayenera kuperekedwa pofika pa 14. Amene amauza wamng'ono kuti asonkhanitse mainvoisi "pofika pa 25" amadziika yekha pa chilango, chifukwa invoisi imodzi ikasowa, kapena intaneti ikavuta polowa pa tsamba la MRA la Msonkho Online, palibenso tsiku lokonzera. Komabe musanamize wotumidwa ponena kuti tsiku lanu ndi la MRA. Muuzeni masiku onse awiri ndi chifukwa chimene mwasiyira mpata, pakuti akadzazindikira kuti masiku anu ndi ongopeka, sadzawalemekezanso.

Chifukwa chachiwiri ndi chofala kwambiri m'maofesi ang'onoang'ono, kumene wamng'ono mmodzi amatumidwa ndi aliyense. Manejala wamutuma za matayala, akauntanti wamutuma kubanki ku Victoria Avenue, ndipo mwini kampani wamuimbira foni kuti akatenge kalata ku Chichiri. Iye sangakanire aliyense wa anthu atatuwa, ndiye amatsata amene ali ndi mawu amphamvu kapena amene walankhula pomaliza. Poyesa, mufunseni kuti akuonetseni ntchito zonse zimene ali nazo sabata imeneyo ndi amene anamupatsa. Mukapeza kuti ndi zambiri, musamusiyire kuti asankhe yekha, ndipo musamutume kukauza akauntanti kuti "abwana akuti yawo ndiyo yofunika." Kukambirana kumeneko n'kwa akuluakulu okhaokha, ndipo wamng'onoyo angouzidwa dongosolo limene mwagwirizana.

Pa chifukwa chachitatu, werengerani nthawi monga mmene munthu woyenda pa minibasi angaiwerengere. Kuchoka ku Limbe kupita mu tauni kudzera mu msewu wa Masauko Chipembere, kudikira kuti wolemba kotesheni apezeke, kupitiriza ku Makata n'kubwerera, ndi ntchito imene ingathe kudya tsiku lathunthu, makamaka nthawi ya mvula kapena pamene mafuta a galimoto akuvuta. Wamkulu amene amayenda pa galimoto ya kampani, ndipo ogulitsa amamudziwa n'kumuthandiza msanga, amaiwala zimenezi. Onaninso kalendala, kuti tsiku lanu lisagwere pafupi ndi tchuthi monga cha pa 3 Marichi kapena pa 6 Julayi. Njira yabwino ndiyo kufunsa wotumidwayo kuti, "Inu mukuona kuti zitenga nthawi yaitali bwanji?" musanatchule tsiku lanu. Akanena nthawi yochepa kwambiri, mwadziwa kuti sanaone kukula kwa ntchito. Akanena yochuluka kwambiri, pali china chimene chikumuopsa kapena kumutchinga.

Zifukwa ziwiri zomaliza zimathetsedwa ndi chinthu chimodzi, chimene ndi kuika nthawi yoonana ntchito ili pakati. Nthawiyi iikidwe pa tsiku lomwe mukupereka ntchito, kuti isaoneke ngati kulondalonda munthu. Pa chitsanzo chathu, mungagwirizane kuti Lachiwiri madzulo akuonetseni kotesheni yoyamba yokha. Ngati saizi yalakwika kapena VAT sinatchulidwe, mwazigwira pa pepala limodzi asanazibwereze pa ena awiri. Pofunsa, pewani mawu akuti "Zikuyenda?" chifukwa yankho lidzakhala lakuti "Zikuyenda bwana." Pemphani kuona chimene chachitika.

## Ntchito yaima panjira ngakhale munthuyo akuoneka wakhama

Apa wotumidwa wamvetsa, tsiku akulidziwa, koma ntchito sikusuntha. Kawirikawiri chasowa ndi chipangizo kapena chilolezo chimene inu muli nacho mwachizolowezi moti simuchionanso.

1. Ndalama yoyendera, mayunitsi kapena bandulo ya intaneti sizinaperekedwe.
2. Anthu amene ayenera kumuthandiza sanauzidwe kuti watumidwa ndi inu.
3. Alibe mapepala, manambala a foni kapena mwayi wolowa pa kompyuta pamene pali zofunikazo.
4. Luso lenilenilo alibe.

Nkhani ya ndalama yoyendera imaoneka yaing'ono kwa amene amalandira malipiro okwanira, koma kalaliki amene amachokera ku Bangwe kapena ku Machinjiri tsiku ndi tsiku amakhala atawerengera kale ndalama ya minibasi ya mwezi wonse. Mukamutuma maulendo atatu n'kunena kuti adzabwezeredwa, mwamuuza kuti akongoze kampani ndalama imene alibe, ndipo manyazi samulola kunena. Amayamba kudikira dalaivala wa kampani, kapena kupempha makotesheni pa foni kwa ogulitsa amene samuyankha. Perekani ndalamayo asananyamuke, alembe m'buku la ndalama zing'onozing'ono, ndipo muuzeni malisiti amene ayenera kubweretsa. Ngati kampani simalola kukwera kabaza, kapena imalola, nenani poyera.

Chachiwiri chimapweteka kwambiri wamng'ono akatumidwa kwa anthu amene ndi akulu kwa iye. Woyang'anira sitolo ya kampani amene wagwira ntchito zaka zambiri sangasiye zake kuti apatse mnyamata watsopano fayilo ya galimoto, ndipo dalaivala angamuuze kuti abwere mawa. Izi si nkhanza kwenikweni. Iwo sakudziwa ngati mnyamatayo watumidwadi. Uthenga umodzi wochokera kwa inu, kapena mawu ochepa pa msonkhano wa m'mawa, akuti "Achimwenewa ndawapatsa ntchito ya matayala, chonde athandizeni ndi zimene afune," amatsegula zitseko zonse. Kwa ogulitsa akunja, foni yanu yowadziwitsa kapena kalata ya kampani yopempha kotesheni imagwira ntchito yomweyo.

Pa chachitatu pali chenjezo. Wamkulu akafulumira, amapatsa wamng'ono nambala yake yachinsinsi ya imelo, ya kubanki kapena ya Msonkho Online kuti ntchito iyende. Musatero. Chilichonse chochitika pansi pa dzina lanu chimawerengedwa kuti mwachita ndinu, ndipo ndalama ikadzasowa simudzatha kusiyanitsa dzanja lanu ndi lake, zimene zimaika nonse awiri pangozi. Pemphani amene amayang'anira makompyuta kuti amutsegulire yakeyake, kapena gawo limenelo muligwire nokha.

Ngati zonsezi zilipo koma ntchito ikadali chiimire, mwina sadziwa kupanga tsamba loyerekezera mitengo, kapena sadziwa kuchotsa VAT pa mtengo kuti afananitse mapepala. Khalani naye mugwire mzere woyamba limodzi, wachiwiri agwire yekha inu mukuona, wachitatu mumusiye.

## Akubwera kudzafunsa kanthu kalikonse, kapena wachita zopyola malire

Zizindikiro ziwirizi zimaoneka zotsutsana, koma muzu wake ndi umodzi, wakuti simunanene pamene mphamvu zake zikuthera. Wamantha amabwera kakhumi pa tsiku kudzafunsa ngati angaimbire wogulitsa wina. Wolimba mtima amabwera atauza kale wogulitsa kuti kampani igula kwa iye, mwina matayala atasungidwa kale m'dzina lanu.

Popereka ntchito, gawani zosankha m'magulu atatu ndipo muzitchule:

- Zimene angasankhe yekha osafunsa, monga ogulitsa amene awayendere ndi tsiku loyenda.
- Zimene angachite koma akudziwitseni, monga kutenga kotesheni ya mtundu wina wa tayala ngati umene munatchula wasowa.
- Zimene sayenera kuchita popanda inu, monga kulonjeza kugula, kusayina pepala lililonse, kapena kupereka ndalama ya chikole.

Ngati mwachita zimenezi koma akubwerabe pafupipafupi, kumbukirani mmene munachitira ulendo wapita pamene anasankha yekha n'kulakwitsa. Munthu amene anakalipiridwa pamaso pa anzake amaphunzira kuti chitetezo chake ndi kufunsa chilichonse. Muuzeni kuti akabwera ndi funso azibweranso ndi maganizo ake a yankho, ndipo mafunso osafulumira aziwasunga mpaka nthawi yoonana ija.

## Ntchito yabwerera pa tebulo lanu

Vuto ili nthawi zambiri limayambitsidwa ndi wamkulu mwini. Kalaliki akabwera n'kunena kuti wogulitsa wachitatu sakuyankha, yankho lofulumira ndi lakuti, "Basi siyani, ndimuimbira ndine." Kuyambira pamenepo ntchito si yakenso, ndipo iye akudikira inu. Chimodzimodzi mukalandira tsamba lolakwika n'kulikonza nokha mwakachetechete: mwezi wamawa lidzabwera ndi zolakwa zomwezo chifukwa palibe anamuonetsa.

Mufunseni zimene wayesa kale ndi zimene akuganiza kuyesa, mupatseni dzina la wogulitsa wina ngati n'kofunika, koma foni aimbe yekha. Tsamba lolakwika libwerere kwa iye ndi zizindikiro pamene palakwika, ndipo mpata uja munasiya pakati pa Lachinayi ndi Lachisanu ndi wa ntchito imeneyi. Siyanitsaninso cholakwika ndi chimene changosiyana ndi mmene inu mumachitira. Ngati manambala ali olondola ndipo akauntanti akuwamva, kasanjidwe ka mizere musakavutike nako.

Nthawi yokhayo yoyenera kulanda ntchito ndi pamene tsiku lenileni lafika ndipo kuchedwa kubweretsa chilango kapena kuimitsa galimoto. Mukatero, muuzeni chifukwa chake, ndipo zikadutsa mukhale naye pansi muone pamene zinasokonekera. Udindo wa zotsatira unali wanu kuyambira pachiyambi, choncho pamaso pa mwini kampani si bwino kunena kuti walakwitsa ndi mwana uja.

## Nthawi yoti muime ndi kuitana odziwa

Pali malire pamene nkhani imasiya kukhala ya kaperekedwe ka ntchito, ndipo wamkulu akapitiriza yekha angathe kuvulaza wantchito, kampani ndi iye mwini.

Zolakwa zikubwerezeka ngakhale zonse zili pamwambazi mwachita. Ngati malangizo anali olembedwa, zipangizo zinalipo, tsiku linali lotheka ndipo mwamuphunzitsa, koma palibe kusintha, pitani ku ofesi yoona za antchito pakampani panu musanalembe chenjezo lililonse. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito, ndiponso kuti apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito. Olemba ntchito ambiri amagonja ku khoti loona milandu ya zantchito chifukwa chodumpha gawo lomumva munthuyo, ngakhale pamene chifukwa chinalipo. Kampani imene ilibe ofesi yoteroyo ifunse ku ofesi ya boma ya zantchito kapena kwa loya. Mauthenga amene munalemba popereka ntchito muwasunge, chifukwa ndiwo umboni wa zimene munapempha.

Mukuganiza zomudula malipiro. Musachite zimenezi pa mphamvu zanu. Lamulo lomwelo sililola wolemba ntchito kulipitsa wantchito chindapusa ngati chilango, ndipo kudula kulikonse kwa malipiro kuli ndi malamulo ake amene ayenera kuonedwa kaye ndi odziwa.

Mapepala akukayikitsa. Makotesheni atatu olembedwa ndi dzanja lofanana, ogulitsa osiyana okhala ndi nambala ya foni imodzi, zolakwika za kalembedwe zofanana pa mapepala onse, kapena malisiti ofufutidwa, ndi zizindikiro zakuti mapepalawo achokera pamalo amodzi. Nthawi zina wamng'ono amachita zimenezi mosadziwa kuopsa kwake, wogulitsa atamuuza kuti amuthandiza kupeza onse atatu kuti asavutike kuyenda. Nthawi zina pamakhala ndalama yapansi. Musamuneneze pagulu ndipo musafufuze nokha. Imitsani malipiro, sungani mapepalawo momwe alili, ndipo dziwitsani akauntanti wamkulu kapena ofufuza mabuku a kampani. Ngati nkhaniyo ikukhudza ziphuphu, makamaka m'mabungwe a boma, bungwe la ACB ndilo limalandira madandaulo otero.

Cholakwika chafika kale ku MRA kapena kubanki. Fomu ya msonkho ikatumizidwa ndi manambala olakwika, kapena ndalama ikapita ku akaunti yolakwika, musatumenso wamng'ono yemweyo kuti akakonze. Itanani akauntanti wovomerezeka, monga amene ali m'kaundula wa bungwe la akauntanti la ICAM, ndipo ku banki imbani foni nokha tsiku lomwelo.

Ntchitoyo sinayenera kutumidwa n'komwe. Kusayina mgwirizano, kuvomereza malipiro, kudzudzula wantchito mnzake, ndi ntchito zofuna munthu wa ziphaso monga kukonza mawaya a magetsi, sizipatsidwa kwa wamng'ono ngakhale atakhala wanzeru bwanji. Chimodzimodzi munthu mmodzi asakhale wopeza makotesheni, wosankha wogulitsa ndi wolandira katundu nthawi imodzi.

Ntchito sikutheka popanda kugwira mpaka usiku. Maola ovomerezeka a ntchito ndi osapitirira 48 pa sabata kwa antchito ambiri, ndipo owonjezera amalipiridwa. Ngati tsiku lanu likutheka pokhapokha kalaliki atsale mpaka mdima n'kukasowa minibasi ya ku Chilomoni kapena ku Ndirande, sinthani tsikulo kapena konzani za malipiro owonjezera ndi mayendedwe ake musanamupemphe.

Munthu amene ankagwira bwino wasintha mwadzidzidzi. Akayamba kuiwala, kujomba kapena kukhala chete mosazolowereka, chifukwa chake chingakhale matenda, maliro, ngongole za katapira kapena kuzunzidwa ndi wina pantchito pomwepo. Mufunseni pambali ndi mwaulemu, osamukakamiza kuulula za m'nyumba mwake. Akatchula za kuzunzidwa kapena kufunsiridwa mokakamiza ndi wamkulu wina, musayese kuyanjanitsa anthuwo nokha. Nkhaniyo ipite mwachinsinsi ku ofesi yoona za antchito kapena kwa mwini kampani. Akatchula za matenda kapena nkhawa yaikulu, mulimbikitseni kuonana ndi achipatala, ndipo ntchito zimene zili ndi tsiku lapafupi muzigawire ena kufikira atapeza bwino.